Odi si malonje

Ana anga, ine ndinakhala zaka 26 mu ofesi yolemba ndi kuyang'anira antchito pa kampani ina ku Limbe, ndipo makalata a anthu ofuna ntchito ndinawawerenga mpaka maso anafuna magalasi. Masiku ano kalata ya mu envulopu yachepa. Mumayamba ndi uthenga wa pa WhatsApp, pa imelo kapena pa LinkedIn, kulembera bwana wanu wakale kapena munthu amene mnzanu wakuuzani kuti angakuthandizeni. Chimene ndikufuna tikambirane ndi kachigawo kamodzi ka uthenga umenewo, pamene mufunika kutchula kuti panapita zaka musakugwira ntchito. Ndaona anthu aluso akupunthwa pamalo amenewa, ndipo chowapunthwitsa sichinali ulesi kapena bodza. Anapunthwa ndi ulemu umene tinawaphunzitsa ife tomwe.

Kwathu mlendo akafika amayamba ndi odi. Amaima chapatali, eni khomo amuyankhe, amulandire katundu, amuyalire mphasa, mwina amupatse madzi. Zikatero m'pamene amamufunsa malonje, ndipo iye amayamba kuchokera pamene anadzukira: anasiya bwanji kunyumba, mvula inamupeza pati, ndani akudwala, ndani anatisiya. Wofupikitsa malonje timamuona ngati wamwano kapena wobisa kanthu. Ndiye mwana wokula ndi mwambo umenewu akagwira foni kuti alembere bwana, mtima umamuuza kuti afotokoze zonse, kuopa kuoneka wachinyengo. Amaiwala kuti uthenga woyamba ndi odi chabe. Mphasa sanamuyalire. Ali chiimire kunja kwa mpanda, akukuwa za matenda a kwawo kwa munthu amene sanatsegule n'chitseko chomwe.

Mwana wa mlongo wanga anali kalaliki wa mabuku a ndalama pa sitolo ina yaikulu ya zipangizo zomangira, kuyambira 2017. Kumayambiriro kwa 2021 mayi ake, mlongo wangayo, anafa ziwalo mbali imodzi. Mwana wamkazi anali yekhayo, choncho anatula pansi ntchito n'kupita kumudzi ku Ntcheu kukadwazika. Matenda anatenga zaka ziwiri ndi miyezi, ndipo mlongo wanga anatisiya chakumapeto kwa 2023. Pofika mu 2024 mtsikanayu anabwerera ku Blantyre nayamba kulembera anthu. Atalembera anthu asanu ndi awiri osaphula kanthu, anabwera kwa ine Lamlungu lina masana, nati, “Amalume, mwina ine ntchito inandithawa basi. Taonani mmene akundiyankhira.”

Ndinatenga foniyo. Uthenga wake unali wautali moti WhatsApp inaudula pakati n'kulemba pansi pake kuti Read more. Ndinawerenga mawu ake mmodzimmodzi: anapitirira 400. Pa amenewo, pafupifupi 300 anali a matenda. Tsiku limene mayi anagwa kudimba, maulendo a kuchipatala, achimwene ake amene sanathandize, mbuzi zimene zinagulitsidwa, maliro, mkangano wa munda. Kupepesa ndinakupeza kanayi. Zoti amadziwa kukonza malipiro a antchito 60 mwezi ndi mwezi zinali mu mzere wachiwiri kuchokera kumapeto, kumene munthu wotanganidwa safikako.

Mayankho ndi amene anandiphunzitsa zambiri. Anthu anayi anangokhala chete. Awiri analemba kuti pepani kwambiri, Mulungu akutonthozeni. Mmodzi, munthu wachifundo ndithu, anamutumizira K10,000 pafoni. Ndinamuuza kuti, “Mayi, anthuwa sanakunyoze. Ayankha ndendende kalata imene unawalembera. Unalemba uthenga wa maliro, ndipo akupatsa chipepeso.” Ichi ndi chizindikiro chimene inunso mungadziyesere nacho. Ngati oyankha akukutonthozani m'malo mokufunsani za ntchito, dziwani kuti kufotokoza kwanu kwameza pempho lanu.

Ndikuuzeni zimene zimayenda m'mutu mwa wolemba ntchito akaona zaka zopanda kanthu, popeza ndinakhalapo mbali imeneyo ya tebulo. Sitimafuna kudziwa ngati munavutika. Timangoganiza kuti munavutika, pakuti ndani m'dziko muno amasiya malipiro mwa masewera? Timadzifunsa ngati chimene chinakuchotsaniyo chingakuchotseninso mwezi wamawa. Timadzifunsanso ngati manja anu sanachite dzimbiri. Ndipo pansi pa mtima, makamaka pa ntchito yogwira ndalama kapena katundu, timadzifunsa ngati simunachoke kumene munaliko ndi mlandu. Nkhani ya mbuzi zogulitsidwa siyankha ngakhale limodzi mwa mafunso amenewa. Choipa n'chakuti imakulitsa loyambalo, chifukwa munthu amene akufotokoza mavuto a kwawo m'ndime zinayi amaoneka kuti mtima wake udakali komweko. Ndipo amene akudziteteza asanaimbidwe mlandu amatipangitsa kufunafuna mlanduwo.

Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, tikudula. Iye analemba m'Chingerezi, monga ambiri a inu mudzachitire, koma mafupa a uthenga ndi omwewo m'chilankhulo chilichonse. Wolandira anali bambo amene kale ankabwera chaka ndi chaka kudzafufuza mabuku a sitolo ija, ndipo tsopano anali mkulu wa za ndalama pa kampani ina. Umene tinatsala nawo unali wotere:

“Mwadzuka bwanji, Bambo Uje. Ndine uje, ndinali kalaliki wa mabuku pa sitolo yakutiyakuti ku Limbe pamene munkabwera kudzafufuza mabuku athu mu 2018 ndi 2019. Kumeneko ndinagwira zaka zinayi, ndikukonza malipiro a antchito 60, msonkho wa PAYE ndi kuyerekeza mabuku ndi sitetimenti za kubanki. Kuyambira 2021 mpaka 2023 ndinali kumudzi kudwazika mayi anga, zimenezo zinatha ndipo ndabwerera ku Blantyre. Chiyambire Febuluwale ndikusunga mabuku a golosale ya msuweni wanga ku Ndirande, ndipo msonkho wake ndimaulemba pa Msonkho Online. Ndikufuna ntchito ya ukalaliki wa za ndalama. Kodi ndingakutumizireni sivi yanga, kapena alipo amene mungandilozere?”

Werengani ziganizo. Zilipo zisanu ndi ziwiri, ndipo zaka zitatu za misozi zalowa m'chimodzi chokha. Mtsikanayu analira pang'ono titafika pamenepo. Anati zikuoneka ngati akuwachepsa mayi ake. Ndinamumvetsa, poti anali mlongo wanga. Koma ndinamuuza kuti mayi ake sawalemekeza powayala pamaso pa munthu amene akuwerenga foni ali pa mzere wa kubanki.

Tsono tiyang'ane chiganizo chimodzicho, chifukwa chili ndi katundu wake. Chikutchula zaka ndi manambala, 2021 mpaka 2023. Musalembe kuti “kwa kanthawi” kapena “kwa nyengo ndithu”. Mawu osamveka ngati amenewo amamusiyira wowerenga ntchito yoganizira yekha, ndipo munthu akamaganizira yekha amaganiza zoipa kuposa zoona. Zakazo zigwirizanenso ndi zimene zili pa sivi ndi pa kalata ya kumene munachoka. Ndinakanapo mnyamata wina wodziwa ntchito chifukwa uthenga wake unati anachoka mu Juni, pamene kalata ya abwana ake inati Januwale. Mwina anangofuna kuchepetsa mpatawo ndi miyezi isanu. Miyezi isanuyo sikanandivuta. Chinandivuta n'chakuti ndinayamba kukayikira manambala ena onse amene analemba.

Chifukwa chake chatchulidwa ndi mawu atatu, kudwazika mayi anga. Dzina la matenda palibe, dzina la chipatala palibe, za achimwene palibe. Mmalawi aliyense akamva mawu oti kudwazika amadziwa kale mphasa ya pansi pa bedi m'wodi, phala la m'mamawa ndi kuchapa kosatha. Simufunika kumujambulira. Kenako pali mawu amene ndimawaona ngati msana wa chiganizocho: zimenezo zinatha. Amenewa ndi amene akuyankha mantha oyamba a bwana. Onani kuti sitinalembe n'komwe kuti mayi anamwalira. Tikanalemba, mwambo ukanamukakamiza bamboyo kuyamba ndi chipepeso, ndipo tikanabwerera komwe tinachoka. Iye akafuna kudziwa adzafunsa.

Malo amene chiganizocho chakhala nawonso ndi ofunika. Sichili poyamba, chifukwa chimene munthu wayamba kumva ndi chimene amakutchulirani nacho. Mukayamba ndi ulova mudzakhala “mayi uja anakhala pakhomo uja”, pamene mukanakhala “kalaliki uja wa ku Limbe”. Sichili pomaliza, chifukwa pamapeto ndi pa pempho, pamene chala cha wowerenga chiyenera kupeza funso loti ayankhe. Chili pakati, kutsogolo kwake kuli ntchito imene munagwira, kumbuyo kwake kuli chimene mukuchita lero.

Chimene mukuchita lerocho chisakhale chopeka, ndipo chisakhale mawu ongokometsa ngati “ndakhala ndikudzitukula”. Pa zaka zitatu zimene mtsikanayu anali ku Ntcheu zinthu zinasintha. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, magawo a msonkho wa pa malipiro anasinthidwa, ndipo zambiri za ku MRA zinasamukira pa intaneti. Mkulu wa za ndalama akuopa kulemba munthu woti adzafunika kumuphunzitsanso kuti PAYE imafika ku MRA pasanadutse pa 14 mwezi wotsatira. Dzina limodzi lokha la Msonkho Online linamuuza kuti manja a mtsikanayu ali pa ntchito ya chaka chimenecho. Golosale ya msuweni ndi yaing'ono, inde, malipiro ake anali sopo ndi ndalama ya minibasi, koma ndi yoona ndipo munthu atha kupita kukaiona. Ngati mulibe chilichonse chotere, musathamangire kutumiza uthenga. Tengani mwezi umodzi mupeze kanthu kogwirika. Namwino akonzenso chiphaso chake ku bungwe la anamwino ndi azamba, dalaivala aone ngati laisensi yake siinathe, mmisiri agwireko ntchito imodzi imene mwini wake angamuikire umboni. Ngakhale kusunga buku la banki mkhonde ya anthu 25 kwa chaka chathunthu ndi ntchito yotchulika.

Mawu amene tinachotsa ndi ofunika kuwadziwa, chifukwa adzabweranso okha pa zala zanu. “Mwatsoka”. “Pepani kuti”. “Ngakhale ndakhalitsa pakhomo”. “Ndikudziwa kuti ndatsalira kwambiri, koma”. “Chonde mundimvetse”. Onsewa amapempha chikhululukiro kwa munthu amene simunamulakwire, ndipo ena amamupatsa chifukwa chokukanirani chimene iye anali asanachiganize. Ulemu ukhalepo, moni akhalepo, muwatchule a Bambo kapena a Mayi monga kuyenera. Koma kugwada popereka moni ndi kwina, kudzigwetsa m'fumbi ndi kwinanso.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji osangokhala chete, osatchula n'komwe? Nthawi zina ndi bwino kutero. Ngati mwakhala miyezi itatu kapena isanu, ine sindikanatchula. Kusaka ntchito m'dziko muno kumatenga nthawi yoposa pamenepo ndipo aliyense akudziwa. Koma zikafika chaka kapena kupitirira, ndipo mukupempha kutumiza sivi, mpatawo adzauona ndithu pa tsamba loyamba. Kuli bwino aumve kwa inu, m'mawu anu, kusiyana n'kuti aupeze yekha ngati munthu wotulukira dzenje lophimbidwa ndi udzu. Kwa bwana wanu wakale amene akudziwa kale chimene munachokera, chiganizocho chimafupikanso: ndabwerera, ndakonzeka kuyambanso. Pa LinkedIn, kakalata kopempha kulumikizana ndi munthu sikapitirira zilembo 300, choncho mmenemo mungokwana dzina, ntchito yanu ndi chimene mukufuna. Kuyambira 2022 a LinkedIn anaika malo otchedwa Career break pa mbiri ya munthu. Lembani zakazo pamenepo ndipo wofuna adzaziona.

Si mipata yonse yosavuta kutchula ngati kudwazika. Ngati munadwala ndinu, lembani kuti munaima pa zifukwa za umoyo ndipo tsopano muli bwino, mwakonzeka kugwira tsiku lathunthu. Dzina la matenda ndi lanu. Lamulo lathu la za HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa wolemba ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti alembedwe, ndiye musapereke nokha pa WhatsApp chimene ngakhale lamulo silimulola bwana kukufunsani mokakamiza. Kumbukiraninso kuti uthenga wa pafoni umatumizidwa kwa ena ndi chala chimodzi. Amene mwamulembera akafuna kukuthandizani adzaupereka kwa mnzake momwe ulili, ndipo zonse zimene munaulula zidzayenda nawo.

Ngati pulojekiti inatha, monga zinachitikira anthu ambiri a m'mabungwe pamene boma la America linaimitsa thandizo lake kumayambiriro kwa 2025, nenani zomwezo m'mawu ochepa: pulojekiti inatsekedwa mwezi wakuti. Musawonjezere maganizo anu pa ndale za dziko lapansi. Ngati munali ku Joni zaka zinayi mukugwira m'sitolo kapena m'nyumba ya munthu, umenewo si mpata ayi, ndi ntchito, ndipo itchuleni ngati ntchito. Ndaona anyamata akubisa zaka za ku Joni chifukwa cha manyazi kuti anali ndi dipuloma koma ankatsuka magalimoto, n'kusiya dzenje la zaka zinayi limene limaoneka moipa kuposa ndowa ndi chinkhupule.

Kovuta kwenikweni ndi pamene chinakuchotsaniyo sichinathe. Mwana akadali wamng'ono, wodwala akadali pa mphasa. Apa musalembe kuti zinatha, chifukwa bodzalo lidzaululika sabata yachiwiri. Lembani chimene mwakonza: ndinaima kulera mwana kuyambira 2022, tsopano ndapeza womusamala ndipo nditha kugwira kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Bwana safuna kudziwa kuti womusamalayo ndi apongozi kapena wantchito.

Ndipo pali amene anachotsedwa. Kwa inu ndilankhule mosapsatira. Uthenga woyamba si malo ozengera mlandu wanu, ndiponso si malo onamizira kuti munachoka mwa kufuna kwanu. Lembani chaka chimene ntchito inatha ndi chimene mwachita chichokereni, basi. Musanyoze bwana wakale ngakhale anakulakwirani zoona. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza, ndipo Blantyre ndi mudzi waung'ono; ife a m'maofesi olemba antchito tinkadziwana ndipo tinkaimbirana foni. Konzekani kudzayankha zoona, mwachidule, akadzakufunsani maso ndi maso. Dziwaninso kuti lamulo la za ntchito la 2000 limati ntchito ikatha, mukapempha, bwana akupatseni kalata yonena nthawi imene munagwira, udindo wanu ndi malipiro anu, ndipo chifukwa chochokera chimalembedwamo pokhapokha inu mutapempha. Ambiri satenga kalata imeneyi, amadzaifuna patapita zaka kampani itasintha eni. Mwana wa mlongo wanga, mwamwayi, anaitenga tsiku limene ankatsanzika, ndipo anapempha kuti alembemo kuti anachoka yekha. Funso lachitatu lija, la mlandu, linayankhidwa ndi pepala limenelo popanda iye kudzilumbirira mu uthenga.

Malangizo angawa ali ndi malire ake. Ndi a uthenga wogogoda pakhomo. Fomu ya boma kapena ya kubanki ikakufunsani kuti mufotokoze zaka zonse, dzazani zonse monga yafunsira. Ndipo kufupikitsa sikubala ntchito pamene palibe ntchito. Kumangochititsa kuti amene ali nayo akuoneni ngati wantchito. Chinanso chaching'ono, poti ndachiona kawirikawiri: musatumize uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ndi ziwiri. Pakamwa sipadziwa kudula, mudzayamba ndi moni n'kuthera pa mkangano wa munda. Lembani, muwerenge mokweza, mugone, mutumize m'mawa wa tsiku la ntchito.

Mtsikana uja anatumiza Lachiwiri cha m'ma 9 koloko. Lachinayi bambo aja anayankha mizere iwiri: kwawo kulibe malo, koma atumize sivi, pali mnzawo ku Ginnery Corner amene kalaliki wake akupita ku tchuthi cha uchembere. Inali ntchito ya miyezi itatu yokha. Tsiku la intavyu, mayi amene ankamufunsayo anayang'ana pepala nati, “Ndaona munali kumudzi kudwazika. Mayi ali bwanji tsopano?” Mtsikanayu anati, “Anatisiya mu Novembala chaka chatha.” Mayiyo anati pepani, nakhala chete pang'ono, kenako anati nawonso anadwazikapo bambo awo ku Mulanje chaka chathunthu. Anacheza za zimenezo mphindi ziwiri kapena zitatu. Atatero mayiyo anatsegula kabati, natulutsa sitetimenti ya kubanki ya mwezi wa Epulo ndi buku la ndalama, nati pali K86,500 imene ikusiyana ndipo akhala akuifuna masiku atatu, ayese kuipeza.